Dyuwo simpulekisi: kukonza tebulo la mtengo wabwino koma yankho losatheka

Njira ya simpulekisi, yomwe George Dantzig anaiyambitsa mu 1947, imapeza mtengo wotsikitsitsa kapena phindu lalikulu popanda kuswa malire omwe aikidwa. Imayambira pa yankho lotheka n'kumalikonza mpaka mzere wa mitengo utakhala bwino. Koma nthawi zina tebulo limabwera chagada: mzere wa mitengo uli bwino kale, pomwe kolamu yakumanja ili ndi nambala ya pansi pa ziro, ngati kunena kuti munthu agule matumba -2. Tebulo lotere ndilo limafuna dyuwo simpulekisi, njira yomwe Carlton Lemke anaifalitsa mu 1954. Iyo imasunga mzere wa mitengo uli bwino, n'kumachotsa manambala a mayinasi kumanjako.

Chitsanzo ndi mlimi wa nkhuku wosakaniza gaga ndi soya, ndipo manambala ake ndi ongophunzirira. Thumba la gaga, x, mtengo wake ndi 2, pomwe la soya, y, ndi 3. Matumba onse asachepere 4. Gaga amapereka muyezo umodzi wa zomanga thupi, soya itatu, ndipo pakufunika miyezo yosachepera 6. Cholinga ndi kuchepetsa z = 2x + 3y, malire ake ndi x + y ≥ 4 komanso x + 3y ≥ 6. Malire onse akachulukitsidwa ndi -1, n'kuwonjezerapo s1 ndi s2 zoimira zopitirira pa muyezo, tebulo limakhala motere:

```
        x    y   s1   s2 | kumanja
s1     -1   -1    1    0 |   -4
s2     -1   -3    0    1 |   -6
mtengo  2    3    0    0 |  z=0
```

Mu mzere wa mitengo mulibe mayinasi, choncho mtengo sungatsikenso. Komatu yankho lake ndi lakuti asagule kalikonse, nkhuku zigone ndi njala, ndipo -4 ndi -6 akuulula zimenezo.

Simpulekisi wamba amayamba kusankha kolamu yolowa, koma kuno kumayamba kusankhidwa mzere wotuluka. Kawirikawiri umatengedwa womwe wamira kwambiri pansi pa ziro, apa ndi s2 wa -6. Kenaka mu mzerewo mumayang'anidwa manambala a mayinasi okhaokha, ndipo mtengo wa kolamu iliyonse umagawidwa ndi nambalayo, osawerengera mayinasi wake. Kwa x, 2 ÷ 1 = 2; kwa y, 3 ÷ 3 = 1. Chochepa ndicho chimalowa, ndiye y. Mzere wa s2 umagawidwa ndi -3, n'kuugwiritsa ntchito pochotsa y m'mizere inayo:

```
        x    y   s1   s2 | kumanja
s1   -2/3    0    1 -1/3 |   -2
y     1/3    1    0 -1/3 |    2
mtengo  1    0    0    1 |  z=6
```

Lamulo la chochepali si mwambo chabe. Likunena kuti soya ndiye amapereka zomanga thupi motchipa pa muyezo uliwonse. Akanalowa x, mtengo wa pansi pa y ukanasanduka 3 - 6 = -3, ndipo ubwino wa mzere wa mitengo, womwe ndi maziko a njira yonseyi, ukanatayika. Wowerengera akaona mayinasi watulukira mu mzere umenewu, ndiye kuti walakwitsa posankha kolamu kapena powerengera.

Matumba awiri a soya akwanitsa zomanga thupi, koma chakudya chikuperewera ndi matumba awiri. Tsono s1 atuluka. Kwa x, 1 ÷ 2/3 = 1.5; kwa s2, 1 ÷ 1/3 = 3, motero x alowa. Zotsatira zake ndi x = 3, y = 1, z = 9, pomwe mitengo ya s1 ndi s2 ndi 3/2 ndi 1/2. Kumanja kulibenso mayinasi, ntchito yatha. Mtengo wakwera kuchoka pa 0 kufika pa 6 kenaka 9, ndipo n'zoyenera kutero, chifukwa mitengo yoyambayo inali yotsika kaamba koswa malire. Izi zikutanthauzanso kuti kuimira panjira sikupereka yankho logwiritsidwa ntchito.

Pamene njirayi imathandiza kwenikweni ndi pa samu yomwe yathetsedwa kale koma china chasintha. Malire atsopano akawonjezedwa, kapena nambala yakumanja ikasinthidwa, mzere wa mitengo sukhudzidwa, koma kumanja kutha kulowa mayinasi. M'malo moyambiranso, wowerengera amapitirira pa tebulo lomalizalo, ndipo nthawi zambiri masitepe ochepa amakwanira. N'chifukwa chake mapulogalamu a pakompyuta ofuna mayankho a manambala athunthu amaidalira, pakuti amawonjezera malire mobwerezabwereza, monga m'njira yodula ya Ralph Gomory ya mu 1958. Mitengo ikasintha, mayinasi n'kulowa mu mzere wa mitengo mokha, pamafunika simpulekisi wamba. Mayinasi akakhala mbali zonse ziwiri, palibe mwa njira ziwirizi yomwe ingayambe tebulo lisanakonzedwe.

Zimachitikanso kuti mzere wotuluka uli ndi mayinasi kumanja koma ulibe nambala ya mayinasi m'kati mwake. Mzere wonga x + s = -2 sungakwaniritsidwe pakuti x ndi s saloledwa kutsika pansi pa ziro. Apa palibe kolamu yolowa, ndipo tanthauzo lake ndi lakuti malirewo akutsutsana, samuyo ilibe yankho lotheka.