Dashibodi kapena lipoti la pa imelo: bwana wotanganidwa aziona chiti?

Pulogalamu ya Power BI, ya kampani ya Microsoft, ili ndi kalamulo kena komwe kamaulula zambiri za m'maofesi. Pakatha miyezi iwiri popanda munthu wotsegula dashibodi kapena lipoti, iyo imaleka yokha kukatenga manambala atsopano pa nthawi zomwe anaitchera, n'kutumiza imelo kwa amene anakonza ntchitoyo. Akanakhala kuti madashibodi onse amaonedwa, lamulo lotere silikanafunika.

Dashibodi ndi tsamba limodzi la pa kompyuta kapena pafoni lomwe limasonkhanitsa manambala ofunika a ntchito: malonda a lero, katundu wotsala, ngongole za makasitomala. Dzinali linachokera ku malo a kutsogolo kwa dalaivala, pomwe pamakhala mawotchi a liwiro ndi mafuta. Koma dalaivala amakhala pampando ulendo wonse, maso ali pomwepo. Manijala wamkulu amachoka pamsonkhano uwu n'kulowa wina, masana ali kubanki, madzulo ali pamsewu. Kuti aone dashibodi ayenera kukumbukira kuti iliko, apeze linki, alembe pasiwedi yomwe anaiiwala kalekale, mwinanso adikire nambala yotsimikizira pafoni. Ambiri amathera pa pasiwedi pomwepo, n'kuimbira akauntanti kuti angowauza pakamwa.

Lipoti la pa imelo limamutsatira munthu komwe ali. Amalitchera kamodzi kuti lizipita, tinene, Lolemba lililonse m'mawa, ndipo limafika pafoni ngati chithunzi kapena fayilo ya PDF. Power BI, Tableau ndi Metabase onse amachita zimenezi kuchokera pa dashibodi yomwe ilipo kale, choncho si ntchito iwiri yosiyana. Funso lenileni ndi lakuti bwanayo amagamula zinthu kangati, komanso manambalawo amasintha kangati.

Mbali yachiwiriyi anthu amaiiwala. Unduna wa Zaumoyo ku Malawi umagwiritsa ntchito DHIS2, pulogalamu yomwe imakonzedwa motsogozedwa ndi yunivesite ya Oslo ku Norway, ndipo ili ndi madashibodi ake. Komabe malipoti ambiri a zipatala amalowetsedwamo kamodzi pamwezi. Munthu atati azitsegula tsambalo m'mawa uliwonse, pa manambala oterowo aziona zomwezomwezo mpaka mwezi wina utalowa. Ngakhale mu Power BI, pa laisensi ya Pro, manambala omwe pulogalamuyo imakoperako amatengedwa mwa ndandanda kosapitirira ka 8 patsiku. Zomwe ambiri amazitcha zapompopompo nthawi zambiri zimakhala za maola atatu apitawo, kapena za dzulo usiku.

Tiyerekeze bizinesi yopikulitsa katundu yomwe ili ndi mashopu 6. Mwini wake amachita zinthu zitatu Lolemba lililonse: amaitanitsa katundu, amasamutsa katundu kuchoka pa shopu yomwe sakuyenda kupita pomwe akusowa, ndipo amasankha oti awaimbire foni pa za ngongole. Zonsezi ndi za pasabata. Imelo imodzi yofika 7 koloko m'mawa Lolemba ikumukwanira, bola ikhale yolembedwa bwino.

Pa kalembedwepo ndi pomwe ambiri amaphonya. Amatenga dashibodi yonse, ya magirafu 15 okonzedwera kompyuta, n'kuipanikiza mu PDF. Pafoni manambala amaoneka ngati nyerere, ndipo sabata yachitatu isanakwane bwana wasiya kutsegula. Imelo yothandiza imaika manambala anayi kapena asanu pamwamba penipeni, poti munthu awaone asanatsitse fayilo iliyonse, ndipo nambala iliyonse imakhala ndi inzake yoiyerekeza nayo. Kungolemba kuti malonda ndi K48 miliyoni sikunena kanthu. Kulemba kuti ndi K48 miliyoni pomwe sabata yatha anali K55 miliyoni, ndipo K6 miliyoni mwa K7 miliyoni zomwe zatsikazo ndi za shopu imodzi, ndiye kuti bwana wadziwa kale woti amuimbire. Linki ya dashibodi ikhale m'munsi, ya tsiku lomwe angafune kufukula zambiri.

Koma pali zinthu zomwe sizidikira Lolemba. Shopu ina imagulitsa mabelo 40 a shuga patsiku, ndipo katundu akaitanitsidwa amatenga masiku 4 kuti afike. Ngati Lachiwiri kwabwera wogula wamkulu, mabelo n'kutsala 120, shugayo atha m'masiku 3, lole isanafike ngakhale ataitanitsa nthawi yomweyo. Imelo ya Lolemba lotsatira idzangofotokoza za makasitomala omwe anabwerera chimanjamanja. Dashibodi ikanaonetsa vutoli tsiku lomwelo, koma kwa ndani, poti bwana satsegula?

Mankhwala ake ndi uthenga wochenjeza, womwe umapita pokhapokha nambala ikadutsa malire. Malirewo amawerengetsera chonchi: masiku 4 a ulendo, kuonjezerapo masiku 2 a mwina lole yachedwa, kuchulukitsa ndi mabelo 40. Yankho ndi 240. Mabelo akatsika kupyola pamenepo, foni ilire. Mu Power BI muli kamsampha: chenjezo lotere limatcheredwa pa dashibodi, ndipo limafika kwa amene walitchera yekhayo. Wa makompyuta akalitchera pa akaunti yake, bwana samva kanthu, pokhapokha atalilumikiza ku Power Automate kuti lizitumizidwanso kwa ena. Njira yachidule ndi kukhala ndi bwanayo pansi kamodzi, n'kulitchera limodzi pa akaunti yake. Machenjezowo akhalenso ochepa, chifukwa foni yolira kakhumi patsiku amangoitseka pakamwa.

Imelo nayo ili ndi matenda ake, ndipo loopsa kwambiri silichita phokoso. Lipoti likatcheredwa kupita 6:30 pomwe manambala amatengedwa 7:00, bwana azilandira zakale sabata iliyonse osadziwa. Power BI ili ndi posankha polembedwa `After data refresh`, kuti imelo izipita manambala akatha kulowa. Vuto lina ndi la magetsi. Ngati manambala amachokera pa kompyuta ya mu ofesi, yomwe imalumikizidwa kudzera pa kapulogalamu kotchedwa `gateway`, kompyutayo ikazima usiku palibe chatsopano chomwe chimakwera. Imelo yotcheredwa pa ola imapitabe, yooneka bwinobwino, itanyamula za dzana. Zikalephereka kanayi motsatizana, Power BI imaimitsiratu ndandanda yotengera manambalayo. N'chifukwa chake pamwamba pa lipoti lililonse payenera kulembedwa tsiku ndi ola lomwe manambala analowa komaliza. Chizindikiro china n'chosavuta: malonda a sabata ino akafanana ndendende ndi a sabata yatha mpaka pa tambala, si malonda ayi, china chake chaima.

Palinso nkhani ya chinsinsi. Dashibodi imafunsa kuti ndiwe ndani, ndipo munthu akachoka ntchito amamutsekera. PDF ikangofika pafoni, pakatha mphindi imodzi ikhoza kupezeka pa gulu la WhatsApp, ndipo palibe woibweza. Malipiro a antchito ndi mayina a angongole asamayende pa imelo. Muzingokhala chiwerengero chonse, zina zonse zikhale kuseri kwa pasiwedi.

Nanga dashibodi itayidwe? Ayi, ili ndi eni ake: woyang'anira nyumba yosungiramo katundu, akauntanti, wotumiza malole, anthu omwe amakhala pa kompyuta tsiku lonse ndipo amagamula zinthu ola ndi ola. Pa za bwana, palibe chifukwa chokanganirana. Power BI ili ndi lipoti lotchedwa `Usage metrics`, ndipo Tableau ili ndi `Who Has Seen This View`, zomwe zimaonetsa omwe akhala akutsegula tsambalo. Ngati dzina la bwana silikuonekamo mwezi wathunthu, amutcherere imelo ya Lolemba ndi chenjezo la shuga lija. Pakatha milungu ingapo amufunse nambala yomwe anagwiritsa ntchito poitanitsa katundu, ndipo zomwe sanazitchule azichotsemo.