Mtolankhani ndi Chiphadzuwa: Mawu Awiri Akasanduka Dzina Limodzi

Chichewa chili ndi mayina ambiri amene amapangidwa polumikiza mawu awiri kapena atatu, monga mtolankhani, chiwongoladzanja, mwininyumba, nkhukundembo ndi chipondamthengo. Amenewa ndi mayina ophatikiza. Munthu akawamvetsera bwino amamva zidutswa zake, koma poyankhula amawatenga ngati dzina limodzi, ndipo malamulo a chiyankhulo nawonso amawatenga choncho. Kusiyana kwa dzina lotere ndi gulu la mawu wamba, ngati "munthu wotola nkhani", kumaonekera pa mutu wa dzinalo, pa zimene zimaloledwa kulowa m'kati mwake, ndi pa tanthauzo lake.

Njira yosavuta kwambiri yopangira mayinawa ndi kulumikiza dzina ndi dzina linzake. Mwini ndi nyumba zimapanga mwininyumba, ndipo mwini ndi mudzi zimapanga mwinimudzi. Koma njira imene yabala mayina ambiri m'Chichewa ndi yoyambira pa mneni. Woyankhula amatenga tsinde la mneni, amaika mphatikira wa gulu la mayina kumayambiriro kwake, kenaka amawonjezera dzina la chinthu chimene ntchitoyo ikuchitikira. Mtolankhani ali ndi zidutswa zitatu: m-, tola ndi nkhani. Chiphadzuwa ali ndi chi-, pha ndi dzuwa. Chidutswa chomaliza nthawi zina chimanena malo, monga mu mkhalapakati, mlowam'malo ndi chipondamthengo, ndipo nthawi zina chimanena nthawi kapena mchitidwe, monga mu mkhalakale ndi mthirakuwiri. Chochititsa chidwi n'chakuti theka loyambalo kawirikawiri silitha kuima palokha. M'Chichewa mulibe dzina lakuti "mtola" kapena "chipha". Msungichuma ndi wosiyanako, chifukwa msungi ndi dzina lathunthu lofanana ndi mlembi kapena mlimi.

Akatswiri a ziyankhulo akamanena za mutu wa dzina lophatikiza amatanthauza chidutswa chimene chikulamulira dzina lonselo. Njira yoyamba youpezera ndi kufunsa kuti chinthu chotchulidwacho ndi mtundu wa chiyani. Mwininyumba ndi mwini, si nyumba. Nkhukundembo imatengedwa ngati mtundu wa nkhuku. Msungichuma ndi msungi, si chuma. M'mayina onsewa mutu uli kumanzere, ndipo chidutswa chakumanja chikungochepetsa tanthauzo ponena kuti mwini wa chiyani kapena msungi wa chiyani. Izi zikugwirizana ndi mmene Chichewa chimasanjira mawu paliponse: dzina limatsogola ndipo mfotokozi amabwera pambuyo pake, monga "nyumba yaikulu".

Chingerezi ndi Chijeremani zimachita mosemphana ndi izi, chifukwa mutu wa mayina awo ophatikiza umakhala kumanja. Mu 1981 katswiri wina, Edwin Williams, adalemba lamulo lakuti mutu wa mawu opangidwa ndi zidutswa umakhala chidutswa chakumanja. Lamuloli limagwira bwino pa Chingerezi, koma ziyankhulo za Chibantu zimaonetsa kuti si la dziko lonse. Mawu obwereka amaonetsa bwino kusemphanaku. Sutikesi kwawo ku Chingerezi ndi dzina lophatikiza, ndipo mutu wake ndi chidutswa chomaliza, pakuti chinthucho ndi chonyamuliramo zovala, osati suti. Chichewa chitabwereka dzinali sichidasamale za zidutswazo. Chidalitenga lathunthu n'kuika chizindikiro cha zambiri kumanzere monga mwa chizolowezi chake, n'chifukwa chake anthu amati masutikesi.

Njira yachiwiri yopezera mutu, imene ili yodalirika kwambiri m'Chichewa, ndi kuyang'ana mgwirizanitsi. Dzina lililonse lili m'gulu lake, ndipo mneni ndi mfotokozi amatsatira gululo. Anthu amati "mtolankhani wafika", osati "mtolankhani yafika", ngakhale kuti mawu oyandikana ndi mneniyo ndi nkhani. Ku banki amati "chiwongoladzanja chakwera", osati "lakwera", ngakhale kuti dzanja limatenga la-. Mneni amalumpha dzina lili pafupi naye n'kukamvera chidutswa chakumayambiriro. Kusintha kwa chimodzi ndi zambiri nako kumachitikira komweko: mtolankhani amasanduka atolankhani, chidyamakanda zidyamakanda, mwininyumba eninyumba, ndipo mwanapiye anapiye. Dzina la m'katilo silisuntha. Makanda ali ambiri kale ngakhale chidyamakanda chikhale chimodzi, ndipo dzanja limakhala limodzi ngakhale ngongole zichuluke bwanji.

Vuto limabuka pamene njira ziwirizi zapereka mayankho osiyana. Chiphadzuwa si mtundu wa dzuwa, komanso si mtundu wa kupha. Ndi mkazi wokongola zedi, amene kukongola kwake akukuyerekeza ndi kuwala kophimba dzuwa. Chinthu chotchulidwacho sichili m'zidutswa zikuluzikulu za dzinalo. Akatswiri ena amati mayina otere alibe mutu m'kati mwake, ndipo kuti mutu wake uli kunja, m'maganizo a woyankhula ndi womvera. Aphunzitsi akale a chiyankhulo cha Sansikiriti ku India adazindikira mtundu umenewu zaka zoposa 2,000 zapitazo, ndipo chitsanzo chawo chotchuka chinali dzina lotanthauza "mpunga wambiri" limene linkanena munthu amene ali ndi mpungawo. Akatswiri ena amati mutu ulipo ndithu, ndipo ndi mphatikira wa kumayambiriro uja. Maganizo achiwiriwa akuoneka olimba pa Chichewa. Mphatikirayu ndiye amasandutsa "tola nkhani", amene akanakhala mawu olamula, kukhala dzina. Ndiyenso amasankha gulu, ndipo amapereka gawo la tanthauzo. M- wa mtolankhani amanena munthu wogwira ntchitoyo. Chi- akamanena munthu nthawi zambiri amabweretsa kukokomeza, kaya kotama ngati mu chiphadzuwa kapena konyoza ngati mu chidyamakanda.

Kupeza mutu pakokha sikusiyanitsa dzina lophatikiza ndi gulu la mawu wamba, popeza nalo gulu lili ndi mutu, ndipo uli kumanzere komweko. Chosiyanitsa n'chakuti dzina lophatikiza ndi lotsekeka: malamulo opangira ziganizo amaliona kunja kokha, osafika pa zidutswa zake. Mfundo imeneyi adaifufuza mozama Joan Bresnan ndi Sam Mchombo, katswiri wa ziyankhulo wochokera ku Malawi, m'nkhani imene adafalitsa mu 1995 pogwiritsa ntchito zitsanzo za ziyankhulo za Chibantu, makamaka Chichewa.

Kutsekekaku kumaoneka bwino poyerekeza "mtolankhani" ndi "munthu wotola nkhani". M'gulu la mawu, nkhani ndi dzina lomasuka, choncho likhoza kulandira mfotokozi wakewake: "munthu wotola nkhani zabodza". M'dzina lophatikiza mfotokozi amagwera munthuyo, ndipo "mtolankhani wabodza" ndi munthu wonama kapena wongodzitcha mtolankhani. Wofuna kutchula mtundu wa nkhanizo amayenera kuzungulira n'kunena kuti "mtolankhani wa zamasewera". M'gulu la mawu, mneni akhoza kusonyeza nthawi ndi chinthu chochitidwacho, monga "amene adazitola nkhanizo". M'dzina lophatikiza zizindikiro zimenezi zilibe malo, ndipo palibe amene anganene kuti "mzitolankhani". Mlumikizi nayenso salowa. "Munthu wotola nkhani ndi zithunzi" ndi Chichewa chabwino, koma "mtolankhani ndi zithunzi" akunena zinthu ziwiri zosiyana, munthu ndi zithunzi. Chimene chimaloledwa ndi mphatikira wotalikitsa tsinde la mneni, chifukwa iyeyo ndi gawo la kapangidwe ka mawu, monga -ir- wa mu mtanthauziramawu.

Palinso chiyeso cha mlowam'malo. Munthu akanena kuti "chiphadzuwa chafika koma likuwalabe", womvera amafunsa kuti chikuwala n'chiyani, pakuti li- sangaloze dzuwa lotsekeredwa m'dzinalo. Dzuwalo lidangothandiza kupanga dzina, ndipo si dzuwa la tsiku lililonse limene lingakambidwe.

Pa tanthauzo, gulu la mawu limamveka powonkhetsa matanthauzo a zidutswa zake, pamene dzina lophatikiza limatchula mtundu wa chinthu wokhazikika. Mayi amene wamva mphekesera pa chitsime n'kubwera nazo kunyumba watola nkhani, koma si mtolankhani. Mtolankhani wa nyuzipepala amakhalabe mtolankhani ngakhale tsiku limene wagona osalemba kanthu. Mtunda wa pakati pa zidutswa ndi tanthauzo umasiyanasiyana. Mwininyumba amamveka msanga ngakhale kwa mlendo amene wangophunzira mawu awiriwo. Chipondamthengo chimafuna kudziwa mwambo, wakuti sing'anga amalandira kangachepe koyambirira chifukwa cholowa m'thengo kukafuna mankhwala. Chiwongoladzanja chatalikirana kwambiri ndi zidutswa zake moti wobwereka ndalama saganizanso za dzanja lililonse akamawerengera zimene adzabweze pamwamba pa ngongole. Kumapeto kwenikweni kuli mayina amene adali ziganizo zathunthu. Mwanaalirenji ndi funso lakuti mwana alire chifukwa chiyani, koma tsopano ndi dzina lonena kuchuluka kwa chakudya, ndipo kondaine ndi mawu olamula amene adasanduka dzina la mankhwala achikondi.

Kalembedwe si umboni wodalirika pa nkhaniyi. Manyuzipepala amalemba "chiwongoladzanja" lero, mawa "chiwongola dzanja", koma mneni amatsatirabe chi- m'kalembedwe konse kuwiri. Palinso mawu amene amagwira ntchito mbali zonse ziwiri. "Mwininyumbayu ndi wovuta" ali ndi dzina lophatikiza, chifukwa mloza -yu akuloza munthuyo. "Mwini nyumbayi ndi wovuta" ali ndi gulu la mawu, chifukwa -yi akuloza nyumba, kusonyeza kuti nyumbayo ikadali yomasuka. Zikatero, kulemba mophatikiza kapena molekanitsa kuyenera kutsata mmene mawuwo agwirira ntchito m'chiganizocho.

Tanthauzo lokhazikika nalo palokha silikwanira kusandutsa mawu kukhala dzina lophatikiza. Njinga yamoto ndi chinthu chimodzi chodziwika, ndipo palibe amene amayembekezera kuona malawi pa njingayo. Komabe m'kapangidwe ndi gulu la mawu. Zikachuluka, chidutswa chachiwiri chimasintha kutsata dzina n'kukhala "njinga zamoto", ndipo mawu ena akhoza kulowa pakati, monga "njinga yanga yamoto". Nyumba ya Malamulo ili m'gulu lomweli. Mwanapiye salola zimenezo: mwini nkhuku amati "mwanapiye wanga", ndipo "wanga" ameneyo sangalowe pakati pa mwana ndi piye.