Mukanenerera Mtengo, Mwakana

Mu 1840, ku England, Wrench anauza Hyde kuti amugulitsa munda pa mapaundi 1,000. Hyde anati apereka 950. Wrench atakana, Hyde anabweranso kuti alipira 1,000 yomwe ija. Khoti linagamula kuti panalibe mgwirizano.

Mgwirizano umakhalapo wina akatchula zimene akupereka, mnzake n'kuvomera zonse monga zilili. Kutchula mtengo wina sikuvomera ayi, kumafafaniza mawu oyamba aja, ndipo mwini katundu sakakamizidwanso kuwatsata. Kungofunsa ngati angalole kuti muzilipira pang'onopang'ono sikuwafafaniza. Malamulo a mapangano ku Malawi anachokera ku England, choncho mfundoyi imagwiranso ntchito kuno, ndipo wamalonda aliyense ayenera kuidziwa asanayambe kunenerera.

Kuvomerezana pakokha sikukwanira. Aliyense aperekepo kanthu, kaya ndalama, katundu, ntchito kapena lonjezo. Amalume akakulonjezani njinga yaulere n'kusintha maganizo, simungawasumire, poti inu simunaperekepo chilichonse. Koma mukapereka ngakhale kochepa, khoti siliyeza ngati mtengowo unali woyenera.

Mapangano ena ndi opanda mphamvu kuyambira pachiyambi. Mukagwirizana zogulitsana katundu woletsedwa, monga minyanga ya njovu, wogulayo n'kuthawa osalipira, khoti silingakuthandizeni kulonjerera ndalamazo.