Kutseka Mabuku a Ndalama Pakutha pa Mwezi

Potseka mwezi mu ERP, pulogalamu yosunga mabuku onse a kampani, akauntanti amayamba ndi kulowetsa mainvoisi onse, n'kutseka mabuku a ogula ndi ogulitsa. Kenaka amalemba ndalama zogwiritsidwa ntchito koma zosalipiridwa, monga za magetsi, amayerekezera buku la ndalama ndi sitetimenti ya kubanki, n'kukhoma mweziwo.

Poyerekezerapo m'pamene pamavuta. Cheke cholembedwa pa 30 chikhoza kutuluka kubanki mwezi wotsatira, ndipo zimene banki yadula zimakhala zisanalembedwe. China n'kutembenuza manambala: wolemba akaika K45,000 m'malo mwa K54,000, pamatsala K9,000. Kusiyana kukagawika ndi 9, nkwanzeru kuyamba kufufuza pamenepo. Kubisa kusiyanako mu akaunti yongoyembekezera n'kulakwa, chifukwa kudzatulukanso mwezi wamawa.