Mchere Ukalowa M'madzi, Masamu Amasintha

Bariyamu salifeti, BaSO₄, ndi ufa woyera umene odwala ena amamwetsedwa akamajambulidwa m'mimba ndi ekisireyi. Susungunuka kwenikweni: m'lita imodzi ya madzi oyera mumasungunuka mamiligalamu 2.4 okha. Koma mukathiramo magalamu 5.8 a mchere wa ndiwo, NaCl, mumasungunuka pafupifupi mamiligalamu 6.5. Mumcherewo mulibe bariyamu, mulibenso salifeti. Nanga walowerera bwanji?

Ufawu ukasungunuka umagawika kukhala maayoni, tizidutswa tokhala ndi chaji ya magetsi: Ba²⁺ ndi SO₄²⁻. Awiriwa amakokana, ndipo akakumana amabwerera ku ufa. M'madzi amchere, Ba²⁺ amazingidwa ndi maayoni a Cl⁻, pomwe SO₄²⁻ amazingidwa ndi a Na⁺. Zili ngati anthu awiri ofunana pamsika wodzaza: onse alipo, koma khamu lawatchinga. Kukokana kumachepa, choncho ufa wina umayenera kusungunuka kuti kusungunuka ndi kubwerera kufanane liwiro.

Ndiye chifukwa chake kuwerenga kuchuluka kwa maayoni kokha sikukwanira. Mu 1907 Gilbert Lewis wa ku Amereka anabweretsa akitiviti, imene imayesa mmene ayoni akugwirira ntchito. Lamulo lake ndi a = γc. Apa c ndi kuchuluka kwa maayoni, m'mamolo pa lita, ndipo γ ndi nambala yochulukitsira. M'madzi opanda mchere γ imayandikira 1, n'chifukwa chake masamu a kusekondale amayenda bwino popanda iyo.

Chimene chimatsitsa γ ndi mphamvu ya maayoni onse a m'madzimo, imene Lewis ndi Merle Randall anailongosola mu 1921: I = ½Σcz². Chaji z imachulukitsidwa ndi iyo yomwe, motero ayoni wa chaji 2 amalemera kanayi. Magalamu 5.8 aja ndi mamolo 0.1, ndipo I ndi 0.1. Mamolo 0.1 a MgCl₂ akadapereka 0.3.

Mu 1923 Peter Debye ndi Erich Hückel anasonyeza mmene γ imapezekera kuchokera ku I. Pa 0.1, ayoni wa chaji 1 amakhala ndi γ ya pafupifupi 0.76, koma maayoni athu awiri amatsika mpaka cha pa 0.37. Chimene sichisintha ndi nambala imene imatuluka tikachulukitsa maakitiviti awo awiri, 1.1 × 10⁻¹⁰. Choncho akitiviti ya aliyense imakhalabe 0.0000105, ndipo tikaigawa ndi 0.37 timapeza mamolo 0.000028 pa lita, omwe ndi mamiligalamu 6.5 aja. Woiwala γ angalembe 2.4, ndipo sikelo ya mu labotale ingamutsutse. Kuphonya kotere n'kwakukulu moti sindiona chifukwa chokunyalanyazira.

Njirayi ili ndi malire. Masamu a Debye ndi Hückel amadalirika mpaka I ikafika cha pa 0.1. Madzi a m'nyanja yamchere ali pafupifupi pa 0.7, ndipo kumeneko akatswiri amatenga masamu ena, monga a Kenneth Pitzer a mu 1973.