Chadzaza nkhokwe ndi feteleza kapena mbewu?

Chimanga chikachita bwino, eni ake a ulemu amachuluka. Wogulitsa mbewu amati ndi mbewu yake, wogulitsa feteleza amati ndi matumba ake, ndipo boma limaloza makuponi. Chiyambire ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo mu 2005, mkanganowu sunathe, ndipo chimodzi mwa zomwe zimauvutitsa n'chakuti kwa zaka zambiri mlimi wolandira makuponi a matumba awiri a feteleza ankalandiranso kuponi ya mbewu yamakono. Ziwirizi zinkalowa m'munda limodzi. Ochita kafukufuku amayesa kuzilekanitsa ndi masamu otchedwa rigireshoni, amene amapatsa chinthu chilichonse nambala yake, koefishenti, yosonyeza mmene chimasunthira zokolola. Masamuwo ndi abwino, koma nambala imene amatulutsa imayankha funso laling'ono kwambiri kuposa limene anthu amaiyankhitsa.

Tiyerekeze kuti wina wafunsa alimi ambiri m'zigawo zonse zitatu, ndipo kompyuta yamupatsa mzere uwu. Manambalawa ndi ongopeka kuti tiphunzirirepo, ndipo zokolola zili m'makilogalamu pa hekitala.

```
zokolola = 800 + 300*feteleza + 400*haibulidi + 150*pakati - 100*kummwera
```

Feteleza akuwerengedwa m'matumba a makilogalamu 50, choncho palibe chovuta. Koma mtundu wa mbewu suyezedwa pa sikelo. Apa m'pamene pamabwera chimene akatswiri amachitcha dame, kutanthauza ndime yongolembamo 1 kapena 0: wobzala haibulidi amalembedwa 1, wobzala chimanga cha makolo 0. Mlimi wa m'chigawo chapakati amene wathira matumba awiri n'kubzala haibulidi ndiye kuti akuyembekezeka kukolola 800 kuphatikiza 600, 400 ndi 150, zomwe ndi makilogalamu 1,950, kapena matumba 39. Mnzake woyandikana naye, wa matumba awiri omwewo koma mbewu ya makolo, apeza matumba 31. Matumba asanu ndi atatu a pakati pawowo ndiwo tanthauzo lonse la 400 uja. Nambalayo sikunena kuti alimi a haibulidi onse amaposa anzawo ndi makilogalamu 400. Ikuyerekeza anthu a chigawo chimodzi ndi feteleza wofanana, osiyana mbewu yokha.

Wowerenga watcheru wafunsa kale kuti chigawo chakumpoto chapita kuti. Sichinaiwalike. Zigawo zikakhala zitatu, ndime zimakhala ziwiri, chifukwa amene ali ndi 0 pa chapakati ndi 0 pa chakummwera wadziwika kale kwawo. Mukaumirira kuika zonse zitatu, kuphatikiza kwake kumakhala 1 pa mlimi aliyense, zomwe zimangobwereza ndime ya nambala yoyambira ija, 800, ndipo masamu amakanika. Pulogalamu ya `R` imangolemba `NA` pa ndime imodzi, ya `Stata` imaichotsa yokha. Chosiyidwacho ndicho muyeso wa zinazo: 150 akutanthauza kuposa kumpoto. Mukasiya chakummwera m'malo mwake, chapakati chimasanduka 250, chakumpoto 100, nambala yoyambira 700, koma zokolola za mlimi wathu zikadali matumba 39. Amene amatchula nambala ya chigawo osanena chimene akuchiyerekeza nacho sanatiuze kanthu.

Vuto lenileni lili pa mawu akuti "zina zonse zili chimodzimodzi". Kompyuta siingagwire munda wa munthu kuti usasinthe. Chimene imachita n'kuchotsa kaye mbali yonse ya kabzalidwe ka haibulidi imene feteleza ndi chigawo zingathe kulosera, kenako n'kuona ngati kotsalako kakuyendera limodzi ndi zokolola. Ragnar Frisch, katswiri wa zachuma wa ku Norway, ndi mnzake Frederick Waugh anasonyeza zimenezi mu 1933. Kunena mwachidule, 400 uja wakhazikika pa alimi osatsata gulu: wobzala haibulidi popanda feteleza, ndi wothira feteleza pa chimanga cha makolo. Ngati pafupifupi aliyense wa feteleza alinso ndi haibulidi, anthu oterewa amakhala owerengeka, ndipo nambala yonse imatsamira pa iwo. Kuyendera limodzi kotereku n'kumene Frisch anakupatsa dzina lakuti malitikoliniyarite mu 1934. Zili ngati ng'ombe ziwiri zimene sizinamasulidwepo pa goli limodzi: ngolo ikuyenda, koma yamphamvu simungaidziwe.

Pali njira yoyezera kukula kwa vutoli. Mumalosera ndime ya haibulidi pogwiritsa ntchito ndime zinazo, n'kuona gawo limene zakwanitsa kufotokoza, lotchedwa `R²`, kenako n'kuwerengera `VIF = 1/(1 - R²)`. Gawolo likakhala 0.9, `VIF` imakhala 10, ndipo kugwedezeka kwa koefishenti kumakula katatu ndi pang'ono. Nambala imene ikanakhala pakati pa 280 ndi 520 tsopano ili penapake pakati pa 20 ndi 780. Sinakondere mbali, koma ili ngati munthu amene wakuuzani kuti basi ifika pakati pa m'mawa ndi madzulo. Zizindikiro zake zimaoneka ngakhale musanawerengere: mzere wonse ukulosera bwino zokolola koma ndime iliyonse payokha ikuoneka yopanda mphamvu, kapena mukachotsa alimi ochepa chabe nambala ikulumpha, mwinanso kutembenuka kukhala yochotsera.

Ena amati mankhwala ake ndi apafupi: chotsani ndime imodzi. Zoonadi manambala amakhazikika, koma amakhazikika pa bodza. Tinene kuti thumba lililonse loonjezera limabwera ndi alimi anayi mwa khumi osinthira ku haibulidi. Mukachotsa ndime ya mbewu, feteleza amameza phindu la mnzake, ndipo koefishenti yake imakwera kuchoka pa 300 kufika pa 460, popeza magawo anayi mwa khumi a 400 ndi 160. Wokonza bajeti amene wakhulupirira 460 adzagula feteleza yekha n'kumadikira chimanga chimene chinkachokera ku mbewu. Kuli bwino nambala yogwedezeka imene ikuvomereza kuti siikudziwa.

Enanso amati bola mzerewo ukulosera bwino, zotsalazo ndi nkhani za m'kalasi. Apa ali ndi mfundo. Ngati cholinga n'kungoyerekeza zokolola za alimi ofanana ndi amene anafunsidwa, kuyendera limodzi kwa ndime sikuwononga kanthu, chifukwa chimene ndime imodzi yataya inzake imatola. Koma funso la boma silikhala limenelo. Boma limafunsa kuti likachepetsa feteleza n'kusiya mbewu chichitike n'chiyani, ndipo kutero n'kumasula ng'ombe zija pa goli, chinthu chimene kafukufukuyo sanachionepo mokwanira. Onjezani kuti "zina zonse" ndi zokhazo zimene zalembedwa mu mzerewo. Chonde cha nthaka, tsiku lobzala, kupalira ndi kubandira pa nthawi yake mulibemo, ndipo mlimi wokwanitsa kugula haibulidi kawirikawiri ndi yemwenso amakwanitsa kulemba aganyu. Mbali ina ya 400 ikhoza kukhala ya khasu. Mzerewu ukuganizanso kuti thumba limapindula chimodzimodzi pa mbewu iliyonse, chikhalirecho haibulidi amayankha feteleza kuposa cha makolo, zomwe zimafuna ndime ina yochulukitsa ziwirizo.

N'chifukwa chake kumalo ofufuzira zaulimi monga ku Chitedze ndi ku Bvumbwe amadula munda m'timagawo, n'kuyesa mbewu iliyonse pa miyeso yosiyanasiyana ya feteleza, dala, kuti ziwirizi zisabisalirane. Kafukufuku wa m'midzi alibe mwayi umenewo, amangotenga alimi mmene wawapezera. Ndiye lipoti likadzanena kuti haibulidi amaonjezera matumba akutiakuti zina zonse zili chimodzimodzi, mudzafunse eni ake kuti mwa alimi amene anawafunsa, ndi angati anabzala haibulidi popanda feteleza.