Matimu Asanu, Manambala Asanu: Kodi Ndandanda Ituluka?

Mlembi wa mpikisano wa mpira wa kumudzi ali ndi matimu asanu, ndipo iliyonse yanena masewero opimana mphamvu omwe ikufuna ligi isanayambe. Matimu awiri akufuna atatuatatu, atatu otsalawo akufuna awiriawiri. Papepala pake palembedwa 3, 3, 2, 2, 2. Malamulo ndi awiri okha: timu singasewere yokha, ndipo matimu awiri sangakumane kawiri. Funso lomusowetsa tulo ndi loti, kodi ndandanda yokhutiritsa onsewa ilipo, kapena akungotaya nthawi pofufutafufuta?

Akatswiri a masamu amalijambula funsoli. Timu iliyonse imakhala kadontho, sewero lililonse limakhala mzere wolumikiza timadontho tiwiri. Chojambulacho amachitcha girafu, ndipo kuchuluka kwa mizere yofika pa kadontho kamodzi ndiye digiri yake. Ngati palibe mzere wochoka pa kadontho n'kubwerera pomwepo, komanso palibe mizere iwiri pakati pa timadontho timodzimodzi, girafuyo imatchedwa yosavuta. Ndi malamulo awiri a mlembi aja.

Pali mayeso awiri achangu. Oyamba ndi kuwonkhetsa. Sewero lililonse limawerengedwa kawiri, kamodzi ku timu iyi, kamodzi ku inayo, choncho manambala onse pamodzi ayenera kugawika pawiri popanda chotsala. Mfundoyi ndi yakale, inapezeka kale m'zolemba za Leonhard Euler za mu 1736 zokhudza milatho ya mzinda wa Königsberg. Achiwiri ndi kuona nambala yaikulu: pa matimu asanu palibe yomwe ingasewere kasanu, chifukwa adani alipo anayi basi. Mndandanda wa mlembi ukupereka 12, ndipo yaikulu ndi 3. Wakhoza onse awiri.

Koma kukhoza kumeneku sikutsimikiza kanthu. Mndandanda wa 3, 3, 3, 1 nawo umakhoza: ukupereka 10, ndipo pa matimu anayi 3 ndi wololedwa. Chonsecho ndi wosatheka. Matimu atatu oyambawo, kuti iliyonse isewere katatu, iyenera kukumana ndi aliyense, kuphatikizapo timu yachinayi ija. Ndiye kuti yachinayiyo isewera katatu, pomwe idapempha kamodzi. Pa matimu anayi mutu umatha kuzigwira zimenezi. Pa matimu makumi awiri pafunika njira.

Njirayo idasindikizidwa mu 1955 ndi katswiri wa masamu wa ku Czechoslovakia, Václav Havel. Ameneyu si wolemba masewero a zisudzo uja adadzakhala pulezidenti, angofanana mayina. Mu 1962 S. L. Hakimi, wobadwira ku Iran koma wogwira ntchito ku America, adaitulutsanso payekha, n'chifukwa chake lero imadziwika ndi mayina onse awiri, Havel ndi Hakimi.

Kachitidwe kake n'kophweka moti pensulo ndi yokwanira. Manambala amasanjidwa kuyambira wamkulu kutsika. Woyambayo amachotsedwa, ndipo ngati anali 3, manambala atatu otsatira amachotseredwa 1 aliyense. Tanthauzo lake ndi loti timu yofuna masewero ambiri yapatsidwa adani ake onse, yachoka pamzere, ndipo adani akewo atsala ndi sewero limodzi lochepa. Kenako otsalawo amasanjidwanso, n'kubwereza. Zikathera pa maziro okhaokha, ndandanda ilipo. Nambala ina ikatsika pansi pa ziro, kapena timu ikafuna adani oposa omwe atsala, ndandanda kulibe.

Mlembi uja atcha matimu ake A, B, C, D ndi E, motsata 3, 3, 2, 2, 2. Achotsa A, aipatsa B, C ndi D. Tsopano B yatsala ndi 2, C ndi 1, D ndi 1, pomwe E, yomwe sinakhudzidwe, ikadali ndi 2. Mndandanda uli 2, 1, 1, 2.

Apa ndi pomwe ambiri amagwa m'mbuna. Wopupuluma amangopitiriza osasanja: achotsa 2 woyamba, achotsera ma 1 awiri aja, atsala ndi 0, 0, 2. Timu E ikufuna masewero awiri koma anzake onse akhuta. Iye agamula kuti n'zosatheka, chikhalirecho walakwa ndi iyeyo. Akadasanja, mndandanda ukadakhala 2, 2, 1, 1, kutanthauza B, E, C, D. Achotsa B, aipatsa E ndi C. Patsala E ndi 1, C ndi 0, D ndi 1. Asanjanso, zikhala 1, 1, 0. E ikumana ndi D, ndipo patsala 0, 0.

Chosangalatsa n'choti yankho silingokhala "inde". Ndandanda yeniyeniyo yatuluka m'njira momwemo: A ndi B, A ndi C, A ndi D, B ndi E, B ndi C, D ndi E. Masewero 6, theka la 12 uja, ndipo wowerenga akhoza kutsimikiza yekha kuti timu iliyonse yalandira zomwe idapempha. Nawo mndandanda wokanika uja umagwa msanga: 3, 3, 3, 1 usanduka 2, 2, 0, kenako 2 woyamba afuna kuchotsera ziro, yemwe alibe choti apereke.

Munthu wosamala ayenera kukayika pano. Chifukwa chiyani A ipatsidwe matimu ofuna masewero ambiri? Bwanji ngati ndandanda yabwino ilipo, koma m'menemo A ikusewera ndi timu ya nambala yaing'ono? Pamenepa ndi pagona mtima wa nkhaniyi, ndipo yankho lake ndi kusinthanitsa. Tinene kuti m'ndandanda ina yolondola A ikusewera ndi X koma osati ndi Y, pomwe Y ili ndi masewero ochuluka kuposa X kapena ofanana nayo. Popeza X ili ndi mdani mmodzi, A, yemwe Y ilibe, ndiye kuti Y nayo ili ndi mdani wina, timutche Z, yemwe sakumana ndi X. Mlembi afufuta masewero awiri, A ndi X komanso Y ndi Z, n'kulemba ena awiri, A ndi Y komanso X ndi Z. Matimu onse anayi atsala ndi masewero ochuluka monga poyamba, palibe obwereza, koma tsopano A ikukumana ndi Y. Akabwereza kusinthanitsaku kangapo, A imathera pa adani a manambala aakulu. Choncho ngati ndandanda iliyonse ilipo, iliponso ina ya mtundu womwe njirayi imafunafuna, ndipo njirayi ikakana ndiye kuti palibedi.

Chomwe njirayi siinena ndi chakuti ndandanda zotheka zilipo zingati. Matimu 6 ofuna masewero awiriawiri angakonzedwe ngati mkombero umodzi wa onse 6, kapena ngati magulu awiri a matimu atatuatatu osakumana n'komwe. Manambala ndi amodzimodzi, zojambula n'zosiyana. Wofuna kuti matimu onse alumikizane ayenera kuyang'ana zimenezo payekha.

Palinso njira ina, ya Paul Erdős ndi Tibor Gallai ya mu 1960, yomwe imayankha funso lomweli poyerekeza zowonkhetsa popanda kuchotsa kanthu. Imeneyo imangoti inde kapena ayi. Mlembi wofuna pepala loti akamate pabwalo Loweruka apindula ndi ya Havel ndi Hakimi, bola asaiwale kulemba dzina la timu pambali pa nambala iliyonse, chifukwa akasanjanso, malo a matimu pamzere amasintha.